Patitaimu, kukonzekera mayeso kapena kalabu yowerenga: ndiyambire pati ndi ana 23?

Woyamba Kumene: Moni nonse pagulu pano. Ndikufuna kuyamba kuphunzitsa ana a pulayimale masana akaweruka kusukulu. Chipinda ndapeza, bolodi ilipo, ndipo makolo alembetsa kale ana 23, kuyambira a sitandade 3 mpaka a kalasi yomaliza. Omalizawo alipo 8 ndipo mayeso awo atsala miyezi inayi. Maganizo ndili nawo atatu: patitaimu ya masiku onse yothandiza ana pa zimene aphunzira kusukulu, kukonzekeretsa mayeso basi, kapena kalabu yowerenga. Ndili ndekha ndipo ndili ndi maola awiri patsiku. Ndimati ndiwagawe potsata makalasi awo, kalasi iliyonse ndi nthawi yake. Amene munachitapo zimenezi ndithandizeni nzeru.

Wamalonda: Achemwali, musavutike mtima, tengani za mayeso. Kholo limatulutsa ndalama msanga likamaona mayeso akubwera. Kalabu yowerenga aliyense amaiyamikira pakamwa koma pofika polipira amati nanga si mwana angowerenga nthano. Tengani ana 8 aja, muwauze aitane anzawo, fizi yawo ikhale yokwererapo. Ang'onoang'onowo mudzawaganizira bizinesi ikaima.

Mnyamata wa Masamu: Ndikugwirizana nawo akuluwa. Ine ndimaphunzitsa masamu ndi sayansi kwa olemba mayeso okhaokha. Chofunika ndi mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo. Mwana akalemba mapepala ambiri amazolowera mafunsidwe ake ndipo mantha amatha.

Mphunzitsi Wopuma: Mwana wanga, usanasankhe chilichonse pa zitatuzo, pali ntchito ya masiku awiri imene uyenera kuyamba wagwira. Panopa ukudziwa makalasi a anawo, koma sukudziwa zimene mwana aliyense amatha. Kalasi imangokuuza zaka zimene mwana wakhala pasukulu. M'chipinda chimodzi cha sitandade 5 mumakhala mwana wowerenga nkhani bwinobwino, wina wowerenga liwu limodzilimodzi, ndi wina amene zilembo zina zimamusokonezabe. Ukawagawa potsata makalasi, ungobwereza zimene zikuwachitikira m'mawa: wapatsogolo atopa ndi kudikira, wotsalira akhala chete kumbuyo, ndipo makolo a onse awiri akulipira.

Uyese mwana aliyense payekha, mphindi zisanu basi. Konza pepala limodzi la zigawo zinayi: zilembo 10, mawu 10 afupiafupi odziwika, ndime ya ziganizo zinayi zazifupi, ndi nkhani ya mawu pafupifupi 60 ya msinkhu wa sitandade 2. Yambira pa ndime. Akaiwerenga ngati ziganizo, osati kudula liwu lililonse palokha, ndipo zolakwa zisapose zitatu, mupatse nkhani. Ikamukanika, tsikira pa mawu: asankhe asanu, akhoze anayi. Akalephera, tsikiranso pa zilembo chimodzimodzi. Pomaliza lemba pamene wafika: sanayambe, zilembo, mawu, ndime kapena nkhani. Amene wafika pa nkhani umufunse mafunso awiri kuti uone ngati wamva zimene wawerenga.

Woyamba Kumene: Zikomo amayi. Koma nkhani ya sitandade 2 kwa mwana wa kalasi yomaliza, si kumunyoza kumeneko?

Mphunzitsi Wopuma: Amene amatha aimaliza mphindi isanakwane n'kutuluka akumwetulira. Amene ikamukanika ndiye ukufuna kumudziwa lero, osati mwezi wa mayeso. Njirayi sindinaipeke ine. Bungwe la ku India lotchedwa Pratham lakhala likuyesa ana m'makomo motere kuyambira 2005 pa kafukufuku wawo wa ASER, ndipo chaka ndi chaka amapeza kuti pafupifupi theka la ana a kalasi yachisanu m'midzi ya dzikolo satha kuwerenga nkhani ya kalasi yachiwiri. Bungwe lomwelo linakhazikitsanso kaphunzitsidwe kogawa ana potsata pamene afika, osati kalasi kapena zaka zawo. Ana ako 23 ndi a sukulu zina, inde, koma usadabwe ukapeza zofanana.

Bambo wa Kuseri: Pepani kulowerera. Kutsegula sukulu si masewera. Pafunika zimbudzi zokwanira, bwalo lamasewera, aphunzitsi a satifiketi, yunifolomu, ndiponso kulembetsa ku boma. Ndi chipinda chimodzi simungathe, mayi.

Woyamba Kumene: Si sukulu bambo, anawa ali kale m'sukulu zawo. Kwa ine azibwera akaweruka, ola limodzi kapena awiri.

Bambo wa Kuseri: Oho, ndamva tsopano. Komabe kafunseni ku ofesi ya maphunziro ya kwanuko ngati pali chilolezo chofunika, malamulo amasiyana malo ndi malo. Ndiponso ana a eni ake awa. Mukhale ndi kaundula wa amene wabwera ndi nthawi imene watuluka, nambala ya kholo lililonse, chitseko chizikhala chotsekula, ndipo ana azituluka kusanade. Mwana mmodzi akasowa panjira, dzina lomwe litchulidwe ndi lanu.

Make Mapasa: Ine ndilankhule ngati kholo. Ana anga awiri ndinawalipirira patitaimu chaka chathunthu. Tsiku lililonse amabwera homuweki itatheka, makope ali ndi machongi okhaokha, ine mtima m'malo. Tsiku lina ndinapatsa wamkazi kalata kuti andiwerengere, anafika pakati pa chiganizo choyamba n'kuyamba kulira. Ndiye kuti homuweki ija ankangokopera pabolodi. Wamwamuna amawerenga ndithu, koma mlongo wakeyu ankabisala kumbuyo kwake. Ndinawachotsa. Mpaka pano ndimadzifunsa kuti ndikanadziwira pati.

Mphunzitsi Wopuma: Pepani kwambiri mayi. Zimene mwafotokozazi ndi msampha waukulu wa patitaimu, ndipo ambiri amagweramo alibe cholinga choipa. Kholo limafuna kuona kanthu madzulo, ndipo chooneka msanga ndi homuweki yotheka. Wophunzitsa ali ndi ana a makalasi asanu, aliyense ndi homuweki yake, nthawi ndi yochepa, ndiye amangopereka mayankho. Kudziwa kwake n'kosavuta: kamodzi pamwezi mupatseni mwana chinthu chimene sanachionepo kuti akuwerengereni mokweza, kenako tsekani pepala akufotokozereni. Buku la kusukulu musayesere, ana ambiri analiloweza. Mwana woloweza mumamuona, maso ake sayenda ndi mzere, ndipo mukaloza liwu la pakati pa tsamba amayambiranso pamwamba kuti alipeze.

Mnyamata wa Masamu: Amayi, zonsezo ndi za kuwerenga. Nanga masamu? Ana ambiri amagwa masamu, osati kuwerenga.

Mphunzitsi Wopuma: Masamu nawo ali ndi makwerero ake ndipo ayesedwe tsiku lomwelo: kuzindikira manambala mpaka 9, mpaka 99, kuchotsera kobwereka monga 52 kuchotsa 27, ndi kugawa monga 87 kugawa ndi 4. Koma yesa ichi kwa ana ako, mwana wanga. Tenga funso la masamu lolembedwa m'mawu limene mwana walakwa, umuwerengere mokweza iweyo osafotokoza kalikonse. Akalikhoza, vuto lake silinali masamu.

Mnyamata wa Masamu: Chimenecho ndachionapo, sindikana. Alipo amene ukawawerengera funso amati aa, kani akufunsa zimenezo. Koma alipo ambirinso amene amawerenga bwino, matebulo ochulukitsa ndiye mulibe m'mutu. Amenewo kalabu yowerenga siingawapulumutse.

Woyamba Kumene: Ndabweranso. Ndayesa onse 23 monga munanenera. Pa zilembo pali 4, pa mawu 7, pa ndime 6, pa nkhani 6. Mwa olemba mayeso 8 aja, asanu ali pa nkhani, awiri pa ndime, ndipo mmodzi, mnyamata wa zaka 14, ali pa mawu. Wachisanu ndi chimodzi wa pa nkhani ndi kamtsikana ka sitandade 4. Chimene chandikhudza n'chakuti ana 11, pafupifupi theka, sanathe ndime ya ziganizo zinayi, ndipo ena mwa iwo ali sitandade 5 ndi 6. Tsopano ndipange bwanji ndi maola awiri?

Mphunzitsi Wopuma: Wachita bwino. Tsopano ukuona kuti funso lako loyamba layankhidwa ndi anawo. Uli ndi magulu atatu, ndipo lililonse likufuna chake.

Gulu loyamba ndi ana 11 a zilembo ndi mawu. Amenewa azibwera tsiku lililonse, Lolemba mpaka Lachisanu, ola loyamba. Mwana amene akuphunzira kulumikiza zilembo amaiwala akadumpha masiku, ndiye ola limodzi tsiku lililonse limaposa maola atatu kawiri pasabata. Ola lakelo ligawe chonchi. Mphindi 10 uwawerengere nkhani mokweza chala chako chikuyenda pansi pa mawu, kenako mukambirane. Mphindi 20 zikhale za maliwu ndi maphatikizo: tchati cha ba be bi bo bu pakhoma, ndi timakadi ta maphatikizo toti azilumikiza okha kupanga mawu. Mwana atenge ma ndi la apange mala, asinthe malo apeze lama, asinthe kadi imodzi apeze mala kukhala male. Apa m'pamene uwagawe pawiri, anayi a zilembo pafupi nawe, asanu ndi awiri a mawu awiriawiri. Mphindi 15 aliyense awerenge kapepala ka msinkhu wake kwa mnzake iwe ukuzungulira kumvetsera. Mphindi 15 zomaliza alembe mawu amene ukuwatchulira, kenako chiganizo chimodzi chawochawo.

Chinthu chimodzi upewe: kuyimbitsa gulu lonse pamodzi. Ana 11 akamakuwa ba be bi bo bu chipinda chimamveka ngati aliyense akudziwa, pamene atatu akutsogolera ndipo enawo akungotsatira mawu a anzawo. Loza phatikizo mosatsata ndondomeko, utchule dzina la mwana mmodzi. Ukatero udziwa zoona.

Ola lachiwiri ligawike. Lolemba ndi Lachitatu ana 6 a ndime. Amenewa zilembo akuzidziwa, chowasowa ndi liwiro. Mwana wowerenga pang'onopang'ono amafika kumapeto kwa chiganizo ataiwala chiyambi chake, n'chifukwa chake samva. Mankhwala ake ndi kuwerenga nkhani yaifupi imodzi katatu: koyamba ndi iwe, kachiwiri ndi mnzake, kachitatu yekha iwe utagwira wotchi. Werenga mawu amene wakhoza pa mphindi imodzi. Akafika pa liwu la 38 atalakwa 5, lemba 33. Ofufuza za kuwerenga amanena kuti mwana amayamba kumva bwino akafika cha pa mawu 45 mpaka 60 pa mphindi, ngakhale kuti m'zilankhulo za mawu ataliatali chiwerengerocho chimatsikirapo. Iwe uziyang'ana kwambiri ngati nambala ya mwanayo ikukwera. Lachiwiri, Lachinayi ndi Lachisanu ndi za mayeso kwa a pa nkhani.

Wamalonda: Dongosolo labwino, koma amayi simunanene za ndalama. Tiyeni tiwerengere, osatchula mtengo chifukwa aliyense ali ndi wake. Tenga fizi ya mwana mmodzi pamwezi ngati muyeso. Tinene kuti lendi ya chipinda ikudya fizi ya ana 5, mapepala, choko ndi kusindikiza ana 3. Mwa 23 musawerengere onse, ena amachedwa, ena amasowa mwezi wachiwiri. Tinene kuti alipira 18. Mwatsala ndi fizi ya ana 10, ndiwo malipiro anu. Mukalemba wothandizira n'kumupatsa ya ana 6, mwatsala ndi 4. Ndiye wothandizira musamulembe mpaka olipira atadutsa 25 kapena 30. Ndipo ndondomeko ya amayiyi ili ndi vuto: gulu loyamba likubwera maola asanu pasabata, la ndime maola awiri. Kholo la mwana wa maola awiri lidzafunsa chifukwa chake likulipira mofanana.

Woyamba Kumene: Pamenepo ndiye ndaima mutu. Ndiike mitengo itatu?

Wamalonda: Iwiri. Wa masiku onse ndi wa masiku ochepa. Koma a mayeso alipire wapamwamba ngakhale akubwera katatu, chifukwa mapepala awo ndi amene akudya ndalama yosindikiza. Ndipo fizi ilipidwe kumayambiriro kwa mwezi, ndi lisiti. Ngongole pa ntchito ngati iyi sibwera.

Make Mapasa: Achimwene, apo pali chinthu chimene simukuchiona. Ana otsalira kwambiri nthawi zambiri ndi a makolo amene ndalama ndi yovuta. Mukati amene sadziwa kuwerenga alipire zambiri chifukwa akubwera masiku onse, ndiye kuti oyamba kusiya ndi omwewo.

Wamalonda: N'zoona mayi, koma mwini chipinda safunsa zimenezo pakutha pamwezi. Achemwaliwa akatseka chifukwa cha lendi, ana onse 23 ataya.

Mphunzitsi Wopuma: Nonse mukunena zoona. Ine ndikanaika mtengo umodzi kwa onse osalemba mayeso, ndi kudzaza masiku a gulu la ndime ndi kalabu ya Loweruka kuti kusiyana kuchepe. Komanso gulu loyambalo silikhala la 11 mpaka kalekale. Uziwayesanso pakatha masabata atatu aliwonse ndi pepala lina la msinkhu womwewo, osati lomwe lija. Wofika pa ndime asamuke sabata yomweyo. Ukaphunzitsa bwino, ambiri mwa asanu ndi awiri a mawu aja ayenera kusamuka teremu isanathe. Ukaona kuti mayeso awiri adutsa mwana ali pomwepo, fufuza: amajomba, saona bwino pabolodi, samva bwino, kapena ukumuphunzitsa m'chilankhulo chimene sachilankhula. Ameneyo amafunika kuuza makolo kuti akamuonetse kwa odziwa maso kapena makutu, osangowonjezera maola.

Ndipo bambo Wamalonda, pa uphungu wanu woyamba woti atenge a mayeso okha, musaiwale kuti pakatha miyezi inayi ana 8 aja achoka onse tsiku limodzi. Chipinda chidzakhala chopanda munthu mpaka makolo ena adzayambenso kuchita mantha chaka chamawa. Mwana wa sitandade 3 amene waphunzira kuwerenga m'manja mwako angathe kukhala nawe zaka zingapo, ndipo mng'ono wake adzabweranso.

Wamalonda: Pamenepo ndavomera. Koma mbiri imabwera ndi zotsatira za mayeso. Palibe kholo limene limauza anzake kuti mwana wanga wafika mawu 50 pa mphindi.

Make Mapasa: Ine ndikanauza aliyense. Mwana amene sankawerenga akayamba kuwerenga zikwangwani panjira, kholo silifuna satifiketi kuti lidziwe.

Mnyamata wa Masamu: Ndithandizeko pa gawo la mayeso poti ndi kumene ndimakhala. Asanu ajawo muwalembetse pepala limodzi lathunthu sabata yoyamba, ndi nthawi yake yeniyeni, osawathandiza. Pochonga musangolemba malikisi. Funso lililonse lolakwa muliike m'gulu: sanadziwe mutuwo, sanamve funso, anadziwa koma anaphonya powerengera, kapena nthawi inamuthera. Mukatero mudzapeza kuti mwana wopeza 40 pa 100 mwina wataya malikisi 20 pa mitu iwiri yokha, monga mafulakishoni ndi maperesenti. Muphunzitse mitu iwiriyo, osati silabasi yonse kuyambira tsamba loyamba. Miyezi inayi siikwana kubwereza zonse.

Mphunzitsi Wopuma: Apa wanena zenizeni. Ndiwonjezere chimodzi. Ana amakonda kuwerenga manotsi mobwerezabwereza chifukwa zimawapatsa mtima woti akudziwa. Mu 2006 ofufuza awiri, Roediger ndi Karpicke, anayesa ophunzira a ku yunivesite: ena anawerenga ndime mobwereza, ena anaiwerenga kenako n'kuyesa kukumbukira pepala litatsekedwa. Patatha mphindi zisanu obwereza aja anachita bwino, koma patatha sabata amene anadziyesa ndiwo anakumbukira zambiri. Ndiye phunziro lililonse uziyamba ndi mafunso asanu makope atatsekedwa: awiri a dzulo, awiri a sabata yatha, limodzi la mwezi watha. Pamene ndimasiyana ndi mnyamatayu ndi pa kuchuluka kwa mapepala. Pepala limodzi pa masabata awiri, lokonzedwa funso ndi funso, limaposa mapepala asanu ongochongedwa.

Mnyamata wa Masamu: Mwezi womaliza ine ndimalembetsa sabata iliyonse, amayi. Liwiro la kulemba silibwera ndi kukambirana. Ana ambiri amasiya mafunso khumi omaliza osawaona n'komwe.

Mphunzitsi Wopuma: Mwezi womaliza ndilibe nawo mawu.

Woyamba Kumene: Nanga kalabu yowerenga ija ndiitaye? Mabuku ndili nawo 12 okha.

Wosunga Mabuku: Musaitaye, koma musaiyese bizinesi payokha. Ine ndimayendetsa kalabu ya Loweruka ndipo ndalama yake siikwana ngakhale kukonza mabuku ong'ambika. Kwa inu ikhale gawo la fizi imene alipira kale. Mabuku 12 ndi ochepa, koma vuto lalikulu ndi msinkhu wake. Mabuku opatsidwa ndi anthu nthawi zambiri amakhala ovuta kwa ana ongoyamba. Njira yoyesera ndi ya zala: mwana awerenge tsamba limodzi, liwu lililonse lomukanika apinde chala. Zala zisanu zikatha tsamba lisanathe, bukulo ndi loti mumuwerengere inu, osati awerenge yekha. Za ongoyamba mungathe kusindikiza nokha. Pa African Storybook ndi pa StoryWeaver pali nkhani zaulere za misinkhu yosiyanasiyana m'zilankhulo zambiri, zololedwa kusindikiza. Sankhani za mawu ochepa patsamba, musindikize zakuda ndi zoyera, muike m'mapepala apulasitiki. Muthanso kulemba nokha nkhani za mizere isanu pa makadi olimba. Cholinga chikhale zowerenga zosachepera ziwiri pa mwana aliyense, kuti posinthana pasakhale wodikira.

Za kubwereketsa kunyumba, yambani ndi makadi, mabuku enieni pambuyo. Lembani dzina, nambala ya buku ndi tsiku. Wobweza ndiye atenge lina. Ndipo pobweza mumufunse funso limodzi la m'nkhanimo, mwaubwenzi, osati ngati mayeso.

Make Mapasa: Kamtsikana ka sitandade 4 kamene kali pa nkhani kaja mukaika kuti? Sikangakhale ndi olemba mayeso.

Wosunga Mabuku: Kameneko ndi ka kalabu kwenikweni. Kapatseni mabuku ovutirapo, kazilemba nkhani zakezake. Kangathe kuwerengera ang'onoang'ono Loweruka mphindi khumi, koma musakasandutse wothandizira wanu. Makolo ake akulipira kuti kaphunzire.

Woyamba Kumene: Chatsala ndi chimene chikundisowetsa tulo. Mnyamata wa zaka 14 uja. Ali pa mawu, mayeso atsala miyezi inayi, ndipo bambo ake anandiuza kuti akufuna mapepala a mayeso basi. Ndikamuika ndi ana a sitandade 3 sabweranso, ndikudziwa. Ndikamuika ndi anzake a mayeso azingokhala.

Mnyamata wa Masamu: Muikeni ndi anzake. Pali malikisi amene angatole ngakhale kuwerenga kuli kovuta: masamu a manambala okhaokha, zithunzi, mafunso osankha yankho. Ndi miyezi inayi, pulumutsani zimene zingapulumuke.

Mphunzitsi Wopuma: Ine ndikuona mosiyana. Mwana wamkulu amene akudziwa kale mawu amathamanga kuposa wamng'ono akapeza womuphunzitsa payekha, chifukwa chilankhulo ali nacho chambiri m'mutu. Mphindi 20 tsiku lililonse, ena asanafike kapena atachoka koma chitseko chili chotsekula ndipo kholo likudziwa, ndi nkhani za msinkhu wa maganizo ake, osati za ana aang'ono. Miyezi inayi ingamufikitse pa ndime, mwinanso pa nkhani. Kukhoza mayeso sindingalonjeze, ndipo iwenso usalonjeze. Koma akatuluka pulayimale osatha kuwerenga, mwayi wina woti wina adzakhale naye pansi ndi maphatikizo ndi wochepa kwambiri. Masiku a mayeso azikhala ndi anzake ndithu kuti asachite manyazi.

Wamalonda: Mphindi 20 tsiku lililonse kwa mwana mmodzi ndi maola oposa asanu ndi limodzi pamwezi, aulere. Mukachitira mmodzi, mawa abwera atatu. Ndipo bambo akewo akamva kuti mwana akuphunzira ba be bi pamene iwo analipira za mayeso, amuchotsa.

Make Mapasa: Auzeni zoona bambowo. Ine chimene chinandipweteka si kuti mwana wanga sankawerenga, koma kuti munthu amene ankamuona tsiku lililonse sanandiuze. Aitaneni paokha, mwana palibe, muwaonetse pepala loyesera lija ndi pamene anafika.

Bambo wa Kuseri: Mosamala pamenepo. Si bambo aliyense amalandira nkhani yotere modekha. Ena akafika kunyumba mkwiyo wonse umathera pa mwana. Muyambe mwadziwa kuti ndi munthu wotani, kapena mulankhule ndi mayi ake kaye.

Mphunzitsi Wopuma: Bambowa anena chinthu cholemera. Polankhula uyambe ndi zimene mwana amatha, kenako unene chimene chikutsekereza malikisi, ndipo ubwere ndi dongosolo m'manja: tichita chakuti kwa masabata asanu ndi limodzi, kenako mudzabwere mudzamumvere nokha akuwerenga. Mawu oti sadziwa kuwerenga asatuluke pakamwa pako. Unene kuti amawerenga mawu, tikufuna afike pa ziganizo.

Woyamba Kumene: Ndayamba ndi mayi ake dzulo. Anati ankadziwa kale kuti pali vuto koma ankaopa kunena. Avomera za mphindi 20 zija, azibwera ndi mng'ono wake amene ali m'gulu loyamba. Bambo ake sanauzidwebe, mayiwo akuti adikire kaye masabata angapo. Ine sindikumasuka nazo kubisa, poti amene akulipira ndi bambowo.

Wamalonda: Ndiye vuto limenelo. Tsiku limene adzafunse mapepala a mayeso amene mwana walemba, mudzayankha chiyani?

Mnyamata wa Masamu: Mapepala adzakhalapo, nanga si masiku atatu aja azikhala ndi anzake. Funso langa ndi lina: awiri a pa ndime amene akulembanso mayeso aja mwawaika pati? Pa ndondomeko ya amayi akubwera Lolemba ndi Lachitatu basi.

Woyamba Kumene: Ndawauza kuti azibwera masiku onse asanu, awiri a liwiro ndi atatu a mayeso. Ndiye gulu la mayeso lili ndi ana 8 monga poyamba, koma atatu mwa iwo ndiziwawerengera mafunso a masamu mokweza kwa mwezi woyamba kuti ndione chimene akudziwa. Kuyesanso koyamba ndi pakatha masabata atatu. Amayi, nkhani yachiwiri yoyesera ija ikhale ya mawu 60 ndendende ngati yoyamba, kapena ndingawonjezere?

Mphunzitsi Wopuma: Ikhale yofanana kutalika ndi kuvuta kwake, apo ayi sudziwa ngati wasintha ndi mwana kapena pepala. Lemba nkhani zitatu lero lomwe, ziganizo zazifupi, mawu a tsiku ndi tsiku, ndipo uzisunge osaziphunzitsa m'kalasi. Ukalemba uziike pano tizione, pena liwu limodzi lovuta limalowa osalizindikira.